Dzina la bizinesi landichititsa manyazi

Azakhali,
Ndimagulitsa kaunjika wa ana, ndipo tsamba langa la pa foni ndidalitcha `Kids Exchange`. Koma amene akundilembera ndi azibambo a nkhani zolaula. Ndalakwa pati?
Nachisale, Limbe

Zikomo Nachisale,
Vuto si iwe mwanawe, koma dzinalo. Pa foni mayina ambiri amalembedwa mophatikiza, ndiye lako limakhala `kidsexchange`. Taliwerenga bwino: pakati pabisala mawu oti `sex`, moyandikana ndi ana. Lisinthe lero lomwe!

Dzina latsopanolo uyambe walilemba papepala, zilembo zing'onozing'ono popanda mipata, nkumalidula malo osiyanasiyana. Ukatero ulitchule mokweza pamaso pa munthu wamkulu, chifukwa Chichewa chathuchi chilinso ndi misampha. Woimba atadzitcha `chambachanga` ponena za luso lake, ena amva fodya wamkulu.

Pomaliza funsa olankhula zinenero za makasitomala ako, monga Chiyao ndi Chitumbuka. Ngakhale galimoto ya Pajero ku Spain ankaigulitsa ndi dzina loti Montero, poti kumeneko dzinalo ndi lotukwana.

Akangoseka kapena kuyang'ana pansi, lisiye dzinalo. Safunsa adadya phula.
Azakhali