Swichi ya KVM imapindulitsa pokhapokha fulashi ikakhala kutali nayo

M'mashopu ambiri otayipa makalata, kupulinta ndi kupanga fotokope mumapezeka makompyuta awiri. Ina ndi yolandirira mafulashi a makasitomala, ina ndi yosungira mabuku a ndalama, ngongole ndi katundu wotsala. Kulekanitsa kotereku ndi nzeru, chifukwa fulashi yomwe yazungulira mashopu asanu imafika ndi vayirasi kawirikawiri, ndipo vayirasiyo ikalowa momwe muli mabuku a ngongole, mwini shopu sadziwanso yemwe analipira ndi yemwe sanalipire. Vuto ndi malo. Pakawuntala yaing'ono sipakwana masikirini awiri, makiyibodi awiri ndi mamawusi awiri, pomwe pakufunikanso malo oika mapepala.

Apa ndi pomwe ogulitsa zipangizo amatchula swichi ya KVM. Ndi kabokosi kokwana m'manja, komwe amalumikizako kiyibodi imodzi, mawusi imodzi ndi sikirini imodzi, kenako makompyuta onse awiri. Munthu akadina batani, zitatu zonsezo zimachoka ku kompyuta yoyamba kupita ku yachiwiri. Makompyuta onse amakhalabe oyaka, iliyonse ikupitiriza ntchito yake. Kwa shopu yomwe mumagwira munthu mmodzi, kabokosika ndi koyenera kugula. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chingathe kuwononga phindu lake lonse, ndipo ogulitsa sachitchula.

Maswichi ambiri amakhala ndi mabowo ena a USB owonjezera pa a kiyibodi ndi mawusi. Chilichonse cholowetsedwa m'mabowo amenewa chimasamuka limodzi ndi batani. Mwachitsanzo, mayi wa shopu walandira fulashi ya mwana wasukulu yemwe akufuna kupulinta, ndipo wailowetsa pa swichi poti ndi pomwe pali pafupi. Kasitomala wina wabwera kudzalipira ngongole, mayiyo wadina batani kuti atsegule buku la ndalama. Nthawi yomweyo fulashi ija yalowa m'kompyuta ya ndalama, yomwe ankaiteteza. Ngati panali fayilo yomwe inkakopedwa kupita mu fulashi, yadukanso pakati, chifukwa kwa kompyuta yoyamba zili ngati wina wazula fulashiyo mwadzidzidzi. Kiyibodi, mawusi ndi sikirini sizinyamula mafayilo, ndiye paizo zokha sizingasamutse vayirasi. Fulashi ndi yomwe imanyamula. Lamulo lake ndi losavuta: fulashi ya kasitomala izilowa mwachindunji m'kompyuta ya makasitomala, ndipo mabowo owonjezera a pa swichi amatidwe ndi tepi kuti mnyamata wothandiza pashopu asaiwale. Pulinta nayonso ikhale pa kompyuta imodzi, chifukwa ikakhala pa swichi, kudina batani ntchito ili mkati kumadula kupulinta, mapepala n'kuwonongeka.

Chachiwiri ndi kuwerenga mabowo asanapite kokagula. Swichi iliyonse imapangidwira mtundu wake wa chingwe cha sikirini. Bowo la VGA nthawi zambiri limakhala la buluu, lili ndi timabowo 15, ndipo limapezeka pa makompyuta akale ogwiritsidwa kale ntchito omwe amalonda ambiri amagula. La HDMI ndi lopyapyala, longa la pa dekoda. Mayi uja ali ndi kompyuta yakale ya VGA yokha, laputopu ya HDMI yokha, ndi sikirini ya HDMI. Akagula swichi ya HDMI, laputopu ilumikizika popanda vuto, koma kompyuta yakaleyo ifuna kachipangizo kosintha VGA kukhala HDMI. Kachipangizoka kamafuna magetsi akeake kuchokera pa USB, ndipo kamagwira mbali imodzi yokha: kosintha HDMI kukhala VGA sikangagwire ntchito yobwerera m'mbuyo, ngakhale mitu yake ikulowa bwinobwino. Wogula wosadziwa izi amabwerera kushopu ndi sikirini yakuda, n'kumaganiza kuti swichi ndi yakufa. Kujambula kumbuyo kwa makompyuta onse ndi sikirini pa foni, n'kukamuonetsa wogulitsa, kumapulumutsa ulendo wachiwiri.

Zingwe nazo ndi ndalama. Kompyuta iliyonse imafuna ziwiri zopita ku swichi, cha zithunzi ndi cha USB, kuphatikiza chimodzi chochoka ku swichi kupita ku sikirini. Zonse pamodzi ndi zisanu, ndipo si bokosi lililonse lomwe limabwera nazo. Mtengo weniweni ndi wa swichi, zingwe zosowa ndi kachipangizo kosintha kaja. Umenewo ndiwo woyerekeza ndi mtengo wa sikirini yogwiritsidwa kale ntchito, kiyibodi ndi mawusi. Kusiyana kukakhala kochepa, chomwe chikugulidwa kwenikweni ndi malo pakawuntala. Wogula achenjerenso ndi swichi ya HDMI ya pa TV, yomwe imatsika mtengo koma imasintha chithunzi chokha, kiyibodi ndi mawusi n'kutsalira ku kompyuta imodzi.

Ena amanena kuti swichi imachepetsa bilu ya magetsi. Imachepetsadi, koma pang'ono. Sikirini yodya mawati 25 ikayaka maola 10 patsiku kwa masiku 26, imatha mayunitsi 6.5 pamwezi. Makompyuta awiriwo, omwe ndiwo amadya kwambiri, amayakabe onse. Kusiyanako kumaoneka bwino magetsi a ESCOM akazima, shopu ikamayendera batire, pomwe wati iliyonse imawonjezera kapena kuchepetsa nthawi yogwira ntchito.

Swichi yabwino imadziwika poiyesa, ndipo ndi bwino kupangana ndi wogulitsa kuti ikalephera ibwezedwe. Munthu adine batani kakhumi, kupita ndi kubwerera. Kudikira masekondi angapo kuti chithunzi ndi kiyibodi zibwere si vuto. Koma ngati mawindo akuchepa, zizindikiro za pa sikirini zikusokonekera, kapena kompyuta yoyatsidwa batani lili mbali ina ikubwera ndi zilembo zikuluzikulu zosaoneka bwino, ndiye kuti kompyutayo ikumaona ngati sikirini yazulidwa. Maswichi olembedwa EDID emulation pabokosi amauza makompyuta onse kuti sikirini idakalipo, ndiye zinthu zimakhala pomwe zinasiyidwa. Maswichi ena amalolanso kusintha podina Scroll Lock kawiri pa kiyibodi, koma njirayi imakana nthawi zina ndi kiyibodi yopanda chingwe. Ya chingwe wamba ndi yodalirika kuposa.

Pali mashopu omwe swichiyi siingawathandize. Sikirini imodzi imaonetsa kompyuta imodzi panthawi imodzi, kutanthauza kuti anthu awiri sangagwire ntchito limodzi. Nyengo yotanganidwa, monga yofunsira malo m'makoleji, shopu ya antchito awiri ingataye makasitomala pofuna kupulumutsa mtengo wa sikirini. Ntchito yofuna kuyang'ana kwina uku akulemba kwina nayonso imachedwa, ndipo mawu okopedwa m'kompyuta ina sangamatidwe mu inayo, chifukwa swichi wamba siisamutsa kanthu pakati pa makompyuta.

Kusasamutsa kanthuko ndi komwe kumaipangitsa kukhala yofunika kwa mayi wogwira yekha. Iye amafuna kuti mabuku a ngongole asakumane ndi fulashi ya munthu wodutsa, komanso kuti pakawuntala patsale malo a mapepala. Akawerenga mabowo, n'kuyesa batani asanataye lisiti, n'kumata tepi pa mabowo owonjezera a USB, zonse ziwirizo amazipeza.