Lamya ya WhatsApp si yaulere ayi

Sabata yatha pamsika wa Ulongwe ndinapeza amayi ena akukalipira mnyamata wogulitsa kredito. Ankati wawabera, pakuti mega 100 zimene anagula m'mawa zinatha dzuwa lisanafike pamutu, chonsecho anangolankhula ndi mwana wawo wa ku Lilongwe. Mnyamatayo sanabe kanthu. Amayiwo anaimba lamya yoonana nkhope.

Abale anga a m'malire, njira zoimbira zilipo ziwiri, ndipo malipiro ake ndi osiyana.

Yoyamba ndi yoimba nambala mwachindunji. Pamenepa kampani imawerenga nthawi imene mwalankhula, ndipo amalipira ndi woimba yekha. Mega sizikhudzidwa konse. Ngakhale kafoni kamabatani kamakwanitsa. Koma nambala ya +258 ikaimbira ya +265, imeneyo ndi lamya ya kunja kwa dziko, ngakhale m'bale wanuyo ali pa Dedza pomwepa, poti mukhoza kukafika panjinga. Ndicho chake kredito imatha moni asanathe.

Yachiwiri ndi ya WhatsApp ndi zinzake. Mawu anu amayenda pa intaneti, ndipo chimene chimawerengedwa ndi mega. Malire alibe ntchito: Dedza ndi Joni mtengo ndi umodzi. Koma mega zimadyeka mbali zonse ziwiri, kwa woimba ndi kwa woyankha yemwe.

Tiwerengere pamodzi. Mawu okha sadya kupitirira mega imodzi pa mphindi, choncho mega 100 zikhoza kukupatsani ola ndi theka, kapena kuposa. Kuonana nkhope kumadya pafupifupi mega 5 pa mphindi, ndiye kuti mega 100 zomwezo zimatha m'mphindi 20. Onjezani zithunzi ndi makanema a m'magulu zimene foni imatsitsa yokha mukangotsegula intaneti, ndipo mwapeza mbala ya amayi aja.

Tsono ine ndikuti: pocheza ndi abale a kutsidya, imbani pa WhatsApp, koma mawu okha. Nkhope muonane pang'ono, ana apereke moni, kenaka mutseke kamera.

Nkhani ya matenda kapena maliro ndi ina. Imeneyo imbani mwachindunji, musaumire kredito. Lamya ya intaneti siilira ngati mnzanuyo mega zamuthera kapena watseka intaneti, ndipo uthenga ukhoza kugona m'njira mpaka mawa, wodwala ali pamphasa. Yang'ananinso pamwamba pa foni yanu. Mukaona chilembo E m'malo mwa 3G kapena 4G, dziwani kuti intaneti ndi yofooka: mawu adzachedwa, adzadukaduka, mega zikupita ndithu.

Ena adzati kuimbira ku Malawi mwachindunji ndi kuwotcha ndalama. Zoonadi, ngati mukufunsa za mvula ndi mbuzi. Koma kunena kuti "agogo agonekedwa m'chipatala, bwerani" sikutha mphindi imodzi.

Safunsa anadya phula. Musanakalipire wogulitsa kredito, dzifunseni kuti munaimba lamya yanji.