Chithunzi cha nsima ndi basera la Lachiwiri

Amayi ambiri amene amaphika nsima yogulitsa pamsika wa Petauke ndi m'mbali mwa msewu waukulu pa Nyimba alibe ndalama zolengezera malonda awo pa wailesi. Komabe lamya ali nayo m'manja, ndipo ikhoza kuwaitanira ogula pamtengo wochepa.

Choyamba ndi chithunzi. Pukutani diso la lamya ndi kansalu, chifukwa utsi ndi mafuta a m'khitchini zimalichititsa khungu. Ikani mbale pafupi ndi khomo, pamene kuwala kwa dzuwa kukulowa cham'mbali, ndipo muzimitse nyale ya lamya, pakuti imayeretsa nsima mopitirira nichititsa msuzi kuoneka ngati mafuta okhaokha. Jambulani mbale yeniyeni imene mudzapatsa wogula. Munthu amene waona nthuli zitatu za nkhuku pachithunzi, napatsidwa imodzi, sabweranso.

Tumizani chithunzicho cha m'ma 11 koloko, njala isanatsogolere anthu kwina, ndipo mulembepo ndiwo, mtengo ndi malo. Pa WhatsApp, chithunzi choikidwa pa Status chimakhala maola 24, koma amachiona okhawo amene munasungirana nawo manambala. Chotero ku Petauke pemphani aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi kuti asunge nambala yanu. Pa Nyimba, pamene ambiri ndi apaulendo wa pakati pa Lusaka ndi Chipata, yambani ndi madalaivala ndi makondakitala, chifukwa mmodzi wa iwo amabwera ndi anthu ambiri.

Chovuta kwambiri ndicho mtengo wapadera wa sabata. Tiyerekeze kuti mbale mumagulitsa K40, ndipo ufa, ndiwo, mafuta ndi makala zimadya K28. Phindu lanu ndi K12. Mukatsitsa mtengo ndi K10, mutsala ndi K2 yokha, ndipo mudzayenera kugulitsa mbale zisanu ndi imodzi kuti mupeze zimene mbale imodzi inkakupatsani.

Nzeru yabwino ndiyo kusiya mtengo pomwe uli, ndi kuonjezapo basera pa tsiku limene malonda amazizira. Ngati kapu ya thobwa ikudyerani K3, phindu likhala K9 pa mbale. Mukanagulitsa mbale 20 Lachiwiri popanda basera, mukanapeza K240. Ndi baseralo muyenera kufika pa mbale 27 kuti musataye kanthu.

Lembani m'kope mbale zogulitsidwa tsiku ndi tsiku kwa masabata anayi. Mukaona kuti Lachiwiri lakwera koma sabata yonse sinasinthe, dziwani kuti simunapeze ogula atsopano: ndi akale omwe aja amene angosintha tsiku. Pamenepo siyani baseralo, ndipo khama lanu mulike pa kusonkhanitsa manambala a anthu amene sanadyepo nsima yanu.