Satifiketi ya IELTS si ya O Level: imafa pakatha zaka ziwiri

Ku Maglas, komboni ya mgodi wa Shabanie mu Zvishavane, kwafala malangizo amene akudya ndalama za mabanja mwakachetechete. Malangizowo ndi akuti wofuna kupita kunja ayambe walemba IELTS, zina zonse aziona pambuyo. Amene amalangiza chotere, kaya ndi achibale kaya ndi anthu odzitcha maejenti, amaiyesa satifiketiyi ngati ya ZIMSEC, imene munthu amaiika m'sutukesi n'kuitulutsa patapita zaka 20 ikadali ndi mphamvu. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba miyala pano, mabanja amene chiimire mgodi uja dola iliyonse amaipeza movutikira.

Satifiketi ya IELTS amaiwerengera zaka ziwiri kuyambira tsiku lolemba mayeso. Ya TOEFL ndi chimodzimodzi, ndipo mabungwe ambiri olandira OET kapena PTE amatsata malire omwewo. Masiku a pepalalo amayamba kutha munthu akangotuluka m'chipinda cholembera, osati tsiku limene wapeza ntchito kapena malo pa yunivesite.

Eni mayeso amati chilankhulo chimazilala m'mutu ngati munthu sakuchigwiritsa ntchito. Mfundoyi ili ndi choonadi chake kwa munthu amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi mokha, kenako n'kubwerera kumene sichimveka n'komwe. Koma namwino wa ku Zvishavane amalemba malipoti a odwala m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndipo maphunziro ake onse anawachita m'chilankhulo chomwecho. Chingerezi chakecho chingazilale bwanji pa miyezi 24? Satifiketi za Chifalansa za DELF ndi DALF sizitha mphamvu, chimodzimodzinso C1 Advanced ya Cambridge. Izi zikusonyeza kuti zaka ziwirizi ndi lamulo la maofesi, si chibadwa cha ubongo wa munthu. Choonjezera apo, pa mndandanda wa boma la Britain wa mayiko olankhula Chingerezi, amene nzika zake sizilemba mayesowa, pali Jamaica, Barbados ndi Guyana, koma palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi.

Kudandaula n'koyenera, koma dandaulo silitalikitsa moyo wa pepala. Chimene munthu wa ku Maglas angathe kuchilamulira ndi mtundu wa mayeso amene alembe ndi nthawi yowalembera.

Mayeso sasankhidwa ndi wolemba, amasankhidwa ndi bungwe limene lidzalandire zotsatirazo. IELTS yomweyo ili mitundumitundu. Mayunivesite ndi mabungwe a ntchito zachipatala amafuna IELTS Academic. Boma la Canada, pa ndondomeko ya Express Entry, limakana Academic ndipo limalandira General Training, CELPIP kapena PTE Core. Maviza ena a ku Britain amafuna mayeso olembedwera pamalo ovomerezeka ndi boma lawo, monga IELTS for UKVI, chifukwa satifiketi yake imakhala ndi nambala yapadera imene ofesi ya viza imafufuza. Munthu akhoza kukhoza bwino zedi, koma ngati walemba mtundu wolakwika, pepala lake silitsegula khomo limene akugogodapo. Safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwa ndi tsamba la bungwe lolandiralo, osati mnansi amene mwana wake anapita zaka zisanu zapitazo.

Chitsanzo cha namwino wongoganiziridwa chithandiza kuonetsa pamene zinthu zimasokonekera. Mayiyu akufuna kulembetsa ku Nursing and Midwifery Council, bungwe loyang'anira anamwino ku Britain. Bungweli limafuna 7 pa kumvetsera, 7 pa kuwerenga, 7 pa kulankhula ndi 6.5 pa kulemba. Mayiyu walemba IELTS Academic mu Marichi 2024 ndipo wapeza 7.5, 7, 7 ndi 6 pa kulemba. Kuphatikiza zonse n'kugawa panayi kukupereka 6.875, ndipo IELTS imakweza nambala yotere kufika pa 7. Pakhomo pamveka nthungululu chifukwa pepala likuonetsa 7. Komatu mayiyu sanafikepo, pakuti bungwelo limayang'ana gawo lililonse palokha, ndipo pa kulemba waperewera ndi theka.

Njira yopulumukira ilipo, koma nayonso ili ndi malire a nthawi. Bungweli limalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, bola mayeso achiwiri alembedwe pasanathe miyezi 12 chilembere oyamba, ndiponso pasakhale gawo limene latsika kupitirira theka pansi pa mlingo wofunikawo. Tsono mayiyu ayenera kulembanso Marichi 2025 asanafike. Akachedwa posonkhanitsa ndalama, mwayi wophatikizawo wapita. Akadadziwa kuti vuto lake lili pa nkhani zolemba za IELTS, akadaganizirapo za OET, mayeso a ogwira ntchito zachipatala, amene namwino amalembamo kalata yokhudza wodwala, ntchito imene waizolowera kale. Pa OET bungwe lomwelo limafuna B m'magawo atatu ndi C+ pa kulemba. OET ndi yokwera mtengo ndithu, koma kulipira kamodzi n'kukhoza kumaposa kulipira katatu mayeso otsikirapo.

Ngakhale atakhoza, ulendo usanathe. Pakufunika pasipoti, mayeso a unamwino a pa kompyuta otchedwa CBT, ndi kalata yotsimikizira yochokera ku Nurses Council of Zimbabwe, imene anamwino ambiri akhala akudandaula kuti imachedwa kutuluka. Mapepalawa akazengereza mpaka kudutsa Marichi 2026, zotsatira za 2024 zija zafa, ndipo madola a ku America oposa 200, osawerengera ya basi ndi yogona ku Bulawayo kapena ku Harare, ayenera kupezekanso.

Palinso ngozi ina, yakuti malamulo amasintha pepala lili m'sutukesi. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene sayenera kukopedwa antchito azaumoyo, kotero mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzasaka anamwino pano, ngakhale munthu payekha angathe kufunsira ntchito. Mu Julayi 2025 Britain inatseka viza ya osamalira okalamba kwa ofunsira ali kunja. Amene analemba mayeso pofuna ntchito imeneyo asanapeze wowalemba anatsala ndi pepala lopanda kolipereka.

Dongosolo loyenera ndi lotembenuza malangizo aja. Munthu ayambe wadziwa dziko ndi bungwe limene akupitako, n'kukopera dzina lenileni la mayeso pamodzi ndi mlingo wa gawo lililonse. Kenako atenge pasipoti ndi kuyambitsa mapepala amene amachedwa, chifukwa amenewo sali m'manja mwake. M'miyezi yodikirayo aziyeserera ndi mafunso aulere amene eni mayeso amaika pa masamba awo, makamaka gawo lolemba, moyang'ana wotchi. Tsiku la mayeso alisankhe pokhapokha mapepala enawo atayandikira kutuluka, ndipo afufuze ngati zaka ziwirizo amaziwerengera pa tsiku lotumiza fomu kapena pa tsiku loyamba maphunziro.

Aliyense wonena kuti ali ndi njira yopezera satifiketi popanda kulemba ndi wakuba. Mabungwe olandira amatsimikizira zotsatira kwa eni mayeso pa intaneti, ndipo wopezeka ndi pepala labodza akhoza kuletsedwa kulowa ku Britain kwa zaka 10. Nayenso wofulumizitsa mwana wa eni kulemba IELTS asanadziwe kumene akupita ayenera kufunsidwa funso limodzi pamaso pa banja lonse: pepala limeneli likafa, adzalipire lina ndani?