Madola alowa, kalata ya msonkho yatsatira

Funso limene owerenga amandifunsa kawirikawiri n'lakuti: "Makasitomala anga ali ku Ulaya, nanga a MRA akundifunsiranji?" Yankho langa n'limodzi: ntchitoyo mumagwirira ku Malawi konkuno, choncho ndalamazo zapangidwa kuno, ngakhale zibwere m'madola.

Komatu si zonse zolowa mu akaunti zimene amadulapo msonkho. Tiyerekeze kuti mumamasulira zikalata, ndipo chaka chatha mu akaunti munalowa K6,000,000. Mwa izo, K1,000,000 anakutumizirani achemwali anu a ku Joni; imeneyo ndi mphatso, si malipiro. K800,000 inathera pa intaneti ndi zina zogwirira ntchito. Msonkho awerengera pa K4,200,000 yotsalayo, bola umboni ulipo. Popanda umboni, akhoza kungowerengera zonse.

Ndiye kalatayo musaikhalire. Onani chaka chimene akufunsa ndi tsiku lomaliza kuyankha. Katengeni sitetimenti kubanki, ndipo ndalama iliyonse yolowa muipezere pepala lake: invoisi, lisiti kapena uthenga wa achemwali. Mukatero yankhani molemba, kope n'kusunga.

Wina akati tumizani "chindapusa" pa nambala yake ya foni, ameneyo ndi wakuba. Pitani nokha kuofesi, kalata kumanja.