Digiri Ikudumphitseni Mayeso, Koma Mwanzeru

Anzanga a madigiri, bungwe la ACCA limalola munthu kudumpha ena mwa mayeso a ukaunti. Mu 2025 mapepala onse anali 13, ndipo odumphika sankapitirira 9. Anayi omaliza, olo mukhale ndi digiri yotani, ndi olemba basi.

Popempha, tumizani kope la satifiketi pamodzi ndi thiransikiripiti, chikalata chija cha kuyunivesite chosonyeza phunziro lililonse, chaka ndi malikisi. Satifiketi yokha siuza bungwelo zomwe munaphunzira. Ngati dzina linasintha chifukwa cha banja, phatikizani mtchatho. Dziwaninso kuti pepala lililonse lodumpha mulilipira.

Koma nkhani yanga ndi iyi: musadumphe chilichonse chifukwa choti akulolezani. Taganizirani munthu amene anamaliza digiri mu 2016, kenaka nkumagulitsa mushopu ku Limbe. Akadumpha FR, pepala la kalembedwe ka malipoti a chuma, akagwera pa SBR, mkulu wake. Kumeneko akakumana ndi IFRS 16, lamulo la katundu wa lendi lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2019. Kukalasi sanalionepo.

Tsono tengani mafunso akale a FR, muyankhe maola atatu buku lili chitsekere. Zikakukanikani, kalembeni pepalalo.