Womasulira asafufute zilembo za pabolodi

Malume anga atatsala pang'ono kunyamuka ku Joni, anajambula bolodi la maulendo a ndege pabwalo la O.R. Tambo n'kutumiza chithunzicho pa lamya ya amayi kwathu ku Dedza. Amayi anandipatsa lamyayo nati, "Iwe wa sukulu, tatiuza, achimwene afika nthawi yanji?" Mzere wa ndege yawo unkaoneka motere:

```
10:15  LLW via BLZ  A12  DELAYED
```

Ine ndinayankha mwachangu kuti afika ku Lilongwe 10 koloko m'mawa itangopitirira. Tinalawirira m'bandakucha kukuzizira, ndipo tinakhala pabwalo la ndege ku Lumbadzi mpaka dzuwa kupendeka. Chingerezi ndinkachidziwa, koma mzerewo ndinaumasulira molakwa. Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi akuti womasulira bolodi ayenera kutambasula chidule chilichonse m'Chichewa chomveka, koma asachotse zilembo zenizenizo, ndiponso asawonjezere zimene chithunzi sichikunena.

Tiyambe ndi nthawi. Bolodi limene malume anajambula linali la ndege zonyamuka, choncho 10:15 inali nthawi yochokera ku Joni, osati yofikira kuno. Mutu wa bolodilo sunalowe m'chithunzi, ndipo ine sindinafunse. Komanso bolodi limalemba nthawi ya dziko limene lili. Joni ndi Malawi nthawi yawo ndi imodzi, koma chithunzi chikachokera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, wotchi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi. Womasulira anene poyera kuti nthawiyo ndi ya kuti.

Zilembo LLW zimaimira bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, pamene BLZ ndi la Chileka ku Blantyre. Kamawu kapakati kaja kankatanthauza kuti ndegeyo iyamba yatera ku Chileka isanafike ku Lilongwe, ndiye kuti ulendo wa maola awiri ndi pang'ono utalika. Ena anganene kuti tikalemba "Lilongwe" ndi "Blantyre" ntchito yatha, zilembozo n'zosokoneza anthu akumudzi. Ine ndikukana. Munthu wapaulendo sakapeza mawu athu pa tikiti yake kapena pa kapepala komatidwa pachikwama chake; akapeza LLW. Zilembozi zili ngati chizindikiro cha pa ng'ombe, ndipo sizitsata dzina nthawi zonse. Bwalo la ku Joni linasiya dzina la Jan Smuts mu 1994, linatchedwa O.R. Tambo mu 2006, koma zilembo zake zikadali JNB. Chimodzimodzinso A12, lomwe ndi khomo lokwerera ndege: likhale momwemo chifukwa ndi mmene lalembedwera pakhomopo.

Mawu omaliza aja ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa mneni wa Chichewa amatikakamiza kusankha nthawi. Kodi tinene kuti ndege "yachedwa", "ichedwa" kapena "inachedwa"? Bolodi limasintha mphindi ndi mphindi, koma chithunzi chimaima pamodzi. Chimene chikunena ndi chakuti pa nthawi yojambulayo ndege inali isananyamuke ndipo inkayembekezeka kuchedwa. Sichikunena kuti ichedwa ndi maola angati. Ndikadayenera kuwauza amayi kuti: "Pamene malume amajambula, ndege yonyamuka ku Joni 10:15 m'mawa kupita ku Lilongwe, LLW, kudzera ku Chileka, BLZ, inali itachedwa, nthawi yofikira palibe apa." Akadawaimbira malume, ndipo tikadanyamuka masana.

Ndandanda za sitima zapamtunda zili ndi msampha wina umene ife oyandikana ndi Mozambique tiyenera kuudziwa. Pa ndandanda za ndege masiku amalembedwa ndi manambala kuyambira 1, lomwe ndi Lolemba, ndipo izi zimagwirizana bwino ndi Chichewa: 2 ndi Lachiwiri, 3 ndi Lachitatu, 5 ndi Lachisanu. Koma Chipwitikizi chimawerenga Lolemba ngati tsiku lachiwiri. Munthu akajambula ndandanda ya sitima ku Cuamba kapena ku Nampula pomwe palembedwa 3ª, limenelo ndi Lachiwiri, osati Lachitatu. Womasulira wongoona nambala adzatumiza m'bale wake kusiteshoni sitima itapita dzulo lake. Apanso njira ndi yomweyo: tilembe "Lachiwiri", koma 3ª aonekere pambali pake kuti wapaulendo akafanizire ndi zomwe zili pakhoma.

Ena adzadandaula kuti mzere wa zidule zochepa wasanduka ziganizo ziwiri zitalizitali. Ndi zoona. Koma bolodi limafupikitsa chifukwa malo ake ndi ochepa ndipo olemba ake amaganiza kuti woliwerenga waima pomwepo, akuona mutu wake ndi wotchi. Amayi ali ku Dedza saona zonsezo. Ntchito ya womasulira ndi kuwabwezera zimene chithunzi chawamana, ndipo pamene chithunzicho chili chete, afunse wojambulayo m'malo mongoganizira monga ndinachitira ine.